Kanthawi Kamene Mtsempha Sumva Kuitana

Khutu la mwana wathanzi limatha kumva phokoso limene likunjenjemeretsa mpweya maulendo pafupifupi 20,000 pa sekondi imodzi. Koma ulusi uliwonse wa mtsempha umene umanyamula phokosolo kupita nalo ku ubongo sungatumize mauthenga oposa 1,000 pa sekondi, ndipo pa ntchito ya tsiku ndi tsiku sufika n'komwe pamenepo. Malire amenewa sali m'khutu mokha. Ali m'mitsempha ya m'diso, ya m'chala, ya m'msana ndi ya mu ubongo momwe. Mtsempha ukangotumiza uthenga umodzi, pamakhala kanthawi kochepa kwambiri kamene sumvanso kuitana kulikonse, ngakhale kukhale kwamphamvu chotani.

Anthu ambiri akamva zimenezi amaganiza kuti mtsemphawo watopa ndiye ukupuma. Ayi ndithu. Nkhani yake ili pa kachitseko kakang'ono kamene kamadzitseka kokha, ndipo munthu akakamvetsa kachitsekoko amamvetsanso chifukwa chake jakisoni wa kwa dokotala wa mano amachititsa dzanzi, ndi chifukwa chake udzudzu umagwa ukatera pa neti ya mankhwala.

Selo likakhala phee

Selo la mtsempha limatchedwa nyuroni. Lili ndi thupi lake, ndipo kuchokera pa thupilo pamatuluka ulusi umodzi wautali wotchedwa akisoni. Ulusi wina ndi waufupi zedi, koma umene umachokera kumunsi kwa msana kukafika ku chala cha kuphazi umatha kutalika mita imodzi. Selo lonse, ndi ulusi wake womwe, lakutidwa ndi nembanemba yopyapyala ya mafuta. Kunja kwake kuli madzi a mchere, m'kati mwakenso muli madzi a mchere, koma michereyi ndi yosiyana. Kunja kuli sodiyamu wambiri, amene amapezekanso mu mchere wa m'ndiwo, ndipo ndi wochuluka pafupifupi kakhumi kuposa wa m'kati. M'kati muli potaziyamu wambiri, wochuluka pafupifupi ka 30 kuposa wa kunja. Tizidutswa ta sodiyamu ndi potaziyamu tikakhala m'madzi timanyamula mphamvu ya magetsi ya pozitivi.

Kusiyanaku sikungochitika pakokha. Mu nembanemba muli timapampu timene usana ndi usiku timatulutsa tizidutswa titatu ta sodiyamu n'kulowetsa tiwiri ta potaziyamu. Amene anatulukira pampuyi ndi Jens Skou wa ku Denmark, mu 1957, pofufuza mitsempha ya nkhanu.

Nembanembayo ilinso ndi timakomo tina timene timakhala totsegula nthawi zonse, ndipo timeneti timalola makamaka potaziyamu. Popeza potaziyamu ndi wothinana m'kati, wina amadontha kupita kunja, n'kupita nayo mphamvu yake ya pozitivi. M'kati mumatsala muli negetivi. Munthu akalowetsa kachipangizo koyezera m'nyuroni imene ili phee, amapeza kuti m'kati muli pafupifupi mamilivoti 70 kunsi kwa ziro, zimene zimalembedwa kuti -70. Milivoti ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a voti, choncho batire la tochi la mavoti 1.5 lili ndi mphamvu yoposa pamenepa ka 20. Ndi mphamvu yochepa, koma sodiyamu amene ali kunja akukokedwa kawiri: m'kati ndi wochepa, komanso m'katimo muli negetivi imene imakoka pozitivi. Chimene chamutsekereza n'chakuti makomo ake ndi otseka.

Nyama ya m'nyanja imene inaulula nkhaniyi

Ulusi wa mitsempha ya munthu ndi wowonda kwambiri moti kalelo palibe akanatha kulowetsamo choyezera. Thandizo linachokera kwa sikwidi, nyama yofewa ya m'nyanja yamchere, ya mikono yambiri, imene imathawa adani pofaitsa madzi mwamphamvu. M'zaka za m'ma 1930, John Zachary Young anasonyeza kuti timachubu tina ta m'thupi la sikwidi ndi ulusi wa mtsempha, umodzi wokha wokhuthala theka la milimita, nthawi zina kufika milimita yathunthu. Ulusi wotere umaoneka ndi maso.

Mu 1939, ku malo ofufuzira za m'nyanja a ku Plymouth ku England, Alan Hodgkin ndi Andrew Huxley, amene pa nthawiyo anali mnyamata wa zaka 21, analowetsa kachubu ka galasi m'kati mwa ulusi wa sikwidi n'kuyeza zimene zimachitika uthenga ukamadutsa. Akatswiri ambiri ankakhulupirira kuti magetsi a m'kati amangokwera kuchoka kunsi n'kukaima pa ziro. Awiriwa anapeza kuti amapitirira ziro ndi mamilivoti pafupifupi 40. Patangotha milungu yochepa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse inayamba, ndipo ntchitoyo inaima kwa zaka zingapo. Atayambiranso anagwiritsa ntchito njira imene Kenneth Cole wa ku America anathandiza kuyambitsa, yogwira magetsi a nembanemba kuti akhale pa mlingo umodzi wosankhidwa, n'kumayeza zimene zikulowa ndi kutuluka. Zotsatira zake anazifalitsa mu 1952, ndipo mu 1963 analandira mphoto ya Nobel limodzi ndi John Eccles.

Chogometsa pa ntchito yawo n'chakuti timakomo ta mu nembanemba sanatione. Panalibe makina amene akanationetsa. Anangoyeza magetsi, n'kulemba masamu ofotokoza mmene zitseko zosaonekazo ziyenera kutsegukira ndi kutsekekera. Huxley anawerengera masamuwo pa makina opukusa ndi dzanja kwa milungu pafupifupi itatu, ndipo anapeza kuti uthenga uyenera kuyenda mamita 18.8 pa sekondi. Pa ulusi weniweni anayeza mamita 21.2.

Kuthetheka kumodzi, kuyambira pachiyambi

Uthenga wa mtsempha, umene akatswiri amautcha akishoni potenshiyo, ndi kuthetheka kumodzi kwa magetsi, ndipo nthawi yake imayezedwa m'mamilisekondi. Milisekondi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Kuphethira kumodzi kwa diso kumatenga mamilisekondi oposa 100.

Kumayamba ndi chinthu chimene chakankha magetsi a m'kati kukwera pang'ono: munga walasa chala, kapena nyuroni ina yatsira mankhwala ake pa inzake. Magetsi akachoka pa -70 n'kufika pa -65 zinthu zimangobwerera mwakale, palibe uthenga. Koma pali malire, pafupifupi pa -55. Pamenepo makomo a sodiyamu, amene zitseko zake zimamva kusintha kwa magetsi, amatseguka ochuluka ndithu. Sodiyamu amakhamukira m'kati, magetsi a m'kati amakweranso, ndipo kukwerako kumatsegula makomo ena a sodiyamu, amene amalowetsa sodiyamu winanso. Zikafika apa sizibwereranso. Pasanathe milisekondi imodzi m'kati mumakhala mutafika pa +30 kapena +40. Ndiye chifukwa chake kuthetheka kulibe theka: kumachitika konse kapena sikuchitika n'komwe.

Pamwamba pamenepo pamachitika zinthu ziwiri, ndipo zonse zinayambitsidwa ndi kukwera komwe kuja, kungoti zimachedwerapo.

Choyamba n'chakuti khomo la sodiyamu lili ndi chitseko chachiwiri, chakum'kati kwa selo. Chitseko choyamba chimatseguka msangamsanga magetsi akakwera. Chachiwiri chimakhala chotsegula selo likakhala phee, koma magetsi akakwera chimayamba kutsekeka, ndipo chimachedwa pang'ono chabe kuyerekeza ndi choyamba. Mpata wa pakati pa kutseguka kwa choyamba ndi kutsekeka kwa chachiwiri ndi umene sodiyamu amadutsira. Ukatha, khomo latsekedwa, ngakhale chitseko choyamba chikadali pululu. Kuti chitseko chachiwirichi ndi chinthu chenicheni zinaoneka bwino mu 1973, pamene Clay Armstrong, Francisco Bezanilla ndi Eduardo Rojas anathira mankhwala ogaya mapuloteni m'kati mwa ulusi wa sikwidi. Makomo a sodiyamu anapitiriza kutseguka monga kale, koma analeka kudzitseka. Mankhwalawo anali atadya kachidutswa ka puloteni kamene kamagwira ntchito yotsekayo.

Chachiwiri n'chakuti makomo ena a potaziyamu, amenenso amamva magetsi koma ndi aulesi potseguka, tsopano atseguka. Potaziyamu amatuluka mwamphamvu, ndipo poti sodiyamu waleka kulowa, magetsi a m'kati amatsika mofulumira kubwerera kunsi kwa ziro.

Makomo a potaziyamuwa ndi aulesinso potseka. Magetsi akafika pa -70 ena amakhala akadali otsegula, ndiye kutsikako kumapitirira mpaka cha pa -80, kenako pang'onopang'ono n'kubwerera pa mlingo wa nthawi zonse. M'mitsempha yambiri kukwera ndi kutsika kumatha milisekondi imodzi kapena awiri, ndipo kamchira kopitirira kunsiko kamatenga mamilisekondi ena angapo.

Apa pali cholakwika chimene chimabwerezedwa kawirikawiri, ngakhale m'makalasi, chakuti pampu ya sodiyamu ndi potaziyamu ndi imene imatsitsa magetsi pambuyo pa kuthetheka, ndipo mtsempha umadikira kuti pampuyo ibweze mchere wonse m'malo mwake. Si zoona. Tizidutswa timene timawoloka pa kuthetheka kumodzi ndi tochepa kwambiri moti kuchuluka kwa sodiyamu ndi potaziyamu m'kati mwa ulusi waukulu sikusintha kwenikweni. Hodgkin ndi Richard Keynes atapha pampuyo ndi poizoni mu ulusi waukulu wotere, ulusiwo unapitiriza kuthetheka maulendo ambirimbiri. Pampu imagwira ntchito yosunga kusiyana kwa michere kwa nthawi yaitali. Chimene chimatsitsa magetsi m'milisekondi imeneyo ndi potaziyamu wotuluka pa makomo ake.

Nthawi yokanitsitsa ndi nthawi yonyinyirika

Khomo la sodiyamu limene latsekedwa ndi chitseko chachiwiri silingatsegulidwe pokweza magetsi, chifukwa kukwera kwa magetsi ndi kumene kumachitseka chitsekocho. Kuti chichoke pamafunika zinthu ziwiri: magetsi a m'kati atsike kaye kufika cha ku mlingo wa selo lili phee, ndiponso papite kanthawi. Pamene magetsi akutsika chitseko choyamba chimatsekeka, kenako chachiwiri chimatseguka, ndipo khomo limakhala lokonzekanso.

Kuyambira pamene kuthetheka kwayamba mpaka pamene makomo okwanira akonzekanso, nyuroni singathethekenso zivute zitani. Iyi ndiyo nthawi yokanitsitsa. Mu ulusi waukulu wa nyama zoyamwitsa imatenga pakati pa theka la milisekondi ndi milisekondi imodzi, ndipo mu ulusi wowonda imatha kufika mamilisekondi awiri kapena kuposerapo.

Makomowo sakonzeka onse pa kamodzi. Ena amafulumira, ena amachedwa. Choncho pamabwera nthawi ina imene nyuroni ingathe kuthetheka, koma monyinyirika. Makomo a sodiyamu okonzeka ndi ochepa, makomo a potaziyamu akadali otsegula ndipo akutaya kunja pozitivi aliyense amene walowa, komanso magetsi ali kunsi kuposa nthawi zonse, kutali ndi malire aja. Kukankha kofooka sikuphula kanthu. Kukankha kwamphamvu kumadzutsa kuthetheka, ngakhale kuti koyambirirako kumakhala kocheperapo msinkhu. Pamene mamilisekondi akudutsa, mphamvu yofunika imanka icheperachepera mpaka kubwerera mwakale.

Nthawi ziwirizi zimayezeka ndi njira yosavuta kumva. Wofufuza amagunda mtsempha ndi magetsi kawiri motsatizana, n'kumachepetsa mpata wa pakati. Mpata ukakhala waukulu mayankho amabwera awiri. Ukachepa, kugunda kwachiwiri kumafuna mphamvu yowonjezera kuti kuyankhidwe. Ukachepa kwambiri yankho lachiwiri limasowa, ngakhale mphamvu aiwonjezere motani. Francis Gotch ndi George Burch anaona zimenezi pa mtsempha wa chule mu 1899, zaka zoposa 50 chifukwa chake chisanadziwike.

Tsopano masamu ake. Ngati nyuroni imakanitsitsa kwa milisekondi imodzi, ndiye kuti m'sekondi imodzi, mmene muli mamilisekondi 1,000, singathetheke koposa ka 1,000. Ngati imakanitsitsa kwa mamilisekondi awiri, malire ake ndi 500. Awa ndi malire a pamwamba penipeni, ndipo kuti nyuroni iwafike pangafunike kukankha kwamphamvu zedi kumene kungaidzutse itangotuluka kumene m'nthawi yokanitsitsa.

Ntchito yeniyeni imachitikira m'nthawi yonyinyirika. Tiyerekeze nyuroni ya pakhungu imene ikukankhidwa mosalekeza. Kukankhako kukakhala kofooka, kongodutsa malire pang'ono, nyuroniyo iyenera kudikira kuti kunyinyirika kutheretu, mwina mamilisekondi 20, ndipo imathetheka ka 50 pa sekondi. Kukankha kukakula, kumatha kuidzutsa ikadali m'kati mwa kunyinyirika, mwina pa mamilisekondi 10, ndiye ka 100 pa sekondi. Kukakulabe, pa mamilisekondi 4, ndiye ka 250. Koma kuchoka pa 4 kupita pa 2 kumafuna mphamvu yochuluka kwambiri, chifukwa makomo okonzeka amanka achepa munthu akamayandikira nthawi yokanitsitsa. Pamapeto pake kuwonjezera mphamvu sikusinthanso kanthu.

Umu ndi mmene ubongo umasiyanitsira kukhudza ndi kutsina. Edgar Adrian ndi Yngve Zotterman anasonyeza zimenezi ku Cambridge mu 1926. Anatenga mnofu wa chule, n'kuucheka pang'onopang'ono mpaka patatsala ulusi umodzi wokha womva kukokedwa, kenako anapachikapo zolemera zosiyanasiyana. Cholemera chikakula, kuthetheka sikunkakula msinkhu. Kunkangobwera pafupipafupi. Pakanakhala kuti nyuroni ilibe nthawi yonyinyirika, kukankha kulikonse kodutsa malire kukanaithamangitsa pafupifupi pa liwiro limodzi lomwelo, ndipo kusiyana kwa chofewa ndi cholimba kukanavuta kukuwerenga.

Sikuti nyuroni zonse zili ndi malire ofanana. Zimene zimalamula minofu ya munthu kawirikawiri zimathetheka ka 10 mpaka ka 50 pa sekondi, chifukwa zili ndi makomo ena a potaziyamu amene amatalikitsa kamchira kaja kufika mamilisekondi makumi angapo. Zina za mu ubongo zimathetheka maulendo mazana angapo pa sekondi osaphonya. Chinsinsi chawo chili pa makomo a potaziyamu a mtundu wina, amene amatseguka msanga n'kutsekanso msanga. Magetsi akatsika mofulumira, zitseko zachiwiri za sodiyamu zimayamba kutseguka mofulumira, ndipo makomo a potaziyamu akatseka msanga sipakhala chotsekereza kuthetheka kotsatira.

Nthawi yokanitsitsa imachitanso ntchito ina. Kuthetheka kukachitika pa malo amodzi a ulusi, magetsi amafalikira kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Kutsogolo amapeza makomo okonzeka, n'kuyatsa kuthetheka kwatsopano. Kumbuyo amapeza makomo otsekedwa ndi chitseko chachiwiri. Zili ngati moto wolusa m'tchire mwezi wa Okutobala, umene umangopita kumene kuli udzu, osabwerera pa lupsa. Pamene makomo a kumbuyowo akonzekanso, uthenga umakhala utapita kutali moti sungawayatsenso.

Nanga khutu limatha bwanji?

Mu 1886 William Rutherford anapereka ganizo lakuti khutu limagwira ntchito monga lamya, kuti mtsempha umathetheka kamodzi pa kunjenjemera kulikonse kwa phokoso. Pa mawu okhuthala ganizoli likhoza kutheka. Phokoso la maulendo 200 pa sekondi limasiya mpata wa mamilisekondi 5 pakati pa funde ndi linzake, ndipo ulusi umodzi ungathe kuyankha mafunde ambiri mwa amenewa. Koma phokoso la maulendo 3,000 pa sekondi limabweretsa funde latsopano pa gawo limodzi mwa magawo atatu a milisekondi. Ulusi umene wayankha funde loyamba umakhala ukadali wokanitsitsa pamene lachiwiri likudutsa, ndipo mwina ndi lachitatu lomwe. Ndipotu ulusi wa mtsempha wa khutu, phokoso likamapitirira, kawirikawiri umakhazikika pa maulendo 200 mpaka 300 pa sekondi. Ndiye kuti pa mafunde khumi alionse umayankha limodzi lokha.

Mtsempha wa khutu la munthu uli ndi timaulusi pafupifupi 30,000, ndipo yankho lagona pamenepo. Ulusi uliwonse umaphonya mafunde ambiri, koma ukathetheka umathetheka pa gawo lomwelomwelo la funde, osati mwachisawawa. Wina ukayankha funde loyamba ndi la khumi, wina umayankha lachiwiri ndi la khumi ndi chitatu, winanso lachitatu. Mauthenga a timaulusi tambiri akaphatikizidwa, pafupifupi funde lililonse limakhala ndi woliyankha. Ernest Wever ndi Charles Bray a ku yunivesite ya Princeton ndi amene anafotokoza ganizoli mu 1930, pofufuza makutu a amphaka. Zina zimene anayeza pa nthawiyo zinapezeka pambuyo pake kuti zinali magetsi ochokera m'khutu lam'kati osati mu mtsempha, koma ganizo logawana mafunde linatsimikizika ofufuza atayamba kuyeza ulusi umodziumodzi.

Njirayi nayonso ili ndi polekezera. Phokoso likapitirira maulendo 4,000 kapena 5,000 pa sekondi, timaulusi timalephera kusunga nthawi ya funde. Kumeneko ubongo umadalira malo. M'khutu lam'kati muli kachubu kopiringizika ngati chigoba cha nkhono, ndipo mawu osongoka amagwedeza kwambiri mbali ya kukhomo kwake pamene mawu okhuthala amagwedeza mbali ya kumapeto. Ubongo umadziwa kusongoka kwa mawu poona kuti ulusi umene ukuthetheka wachokera mbali iti.

Mtima ulinso ndi nthawi yokanitsitsa, koma yake ndi yaitali, pafupifupi mamilisekondi 250, chifukwa kashiyamu amalowa n'kugwira magetsi pamwamba kwa nthawi yaitali. Ndiye mnofu wa mtima sungalandire lamulo lachiwiri usanayambe kumasuka, ndipo umapeza mpata wodzaza magazi usanafinyenso.

Chitseko chachiwiri chikasokonezedwa

Munthu wodwala khunyu akagwa, mu ubongo mwake muli nyuroni zambiri zimene zikuthetheka pamodzi, mothamanga kwambiri. Mankhwala awiri odziwika bwino a khunyu, kabamazepini ndi fenitoyini, amagwira ntchito pa khomo la sodiyamu, ndipo amakonda kulimata likakhala lotsekedwa ndi chitseko chachiwiri. Akalimata, khomolo limachedwa kukonzekanso. Nyuroni imene ikuthetheka mwa apo ndi apo sivutika kwambiri, chifukwa makomo ake amakhala okonzeka nthawi yambiri ndipo mankhwala amapeza mpata wochoka. Koma imene ikuthamanga imalowetsa makomo ake m'kutsekedwa mobwerezabwereza, mankhwala amamata ochulukirachulukira, mpaka otsala amalephera kuyatsa kuthetheka kotsatira. Ndiye kuti mankhwalawa amatsitsa malire a liwiro kwa nyuroni zolusa zokha, n'kusiya zinazo zikugwira ntchito. Akachuluka m'magazi kusankhako kumachepa, ndipo zizindikiro zake zimaoneka: chizungulire, kuona zinthu ziwiriziwiri, kuyenda modzandira. Wodwala akaona zimenezi ayenera kubwerera kuchipatala kuti akamuonere mlingo, osati kusiya yekha mankhwala, chifukwa kuwasiya mwadzidzidzi kungabweretse kugwa koopsa.

Lidokeni, mankhwala amene amabaya pozula dzino kapena posoka bala, amalowa m'selo n'kutseka khomo la sodiyamu kuchokera m'kati, ndipo nawonso amamata bwino makomo amene akutseguka ndi kutsekeka pafupipafupi. Pa malo obayidwapo makomo okonzeka amachepa mpaka kuthetheka kumalephera kudutsa. Dzino limatumizabe uthenga wa ululu, koma uthengawo umafera panjira. Ulusi wa ululu umagonja msanga kuposa wa kukhudza, n'chifukwa chake munthu amamva dokotala akukankha ndi kugwedeza dzino koma osamva kupweteka.

Mankhwala a mtundu wa pairethiroidi, amene ali m'maneti ambiri oteteza ku malungo, amachita zosiyana ndi zimenezi. Udzudzu ukatera pa neti, mankhwalawo amalowa kudzera m'miyendo n'kukamata makomo a sodiyamu a m'mitsempha yake, n'kuwachedwetsa kutseka. Sodiyamu amapitiriza kulowa pamene amayenera kukhala atasiya. Uthenga umodzi umasanduka mndandanda wa kuthetheka kosalamulirika, udzudzu umanjenjemera, umalephera kuuluka n'kugwa. Mankhwala akachuluka, magetsi a m'kati amakanirira pamwamba, makomo otsalawo amatsekedwa ndi chitseko chachiwiri osapezanso mpata wokonzeka, ndipo mtsempha umangoti zii. Makomo a udzudzu amamva mankhwalawa kwambiri kuposa a munthu, komanso chiwindi cha munthu chimawaphwanya msanga, ndiye munthu amagona m'neti bwinobwino.

Udzudzu wina wapeza njira zozembera. Pa udzudzu wa mtundu wa Anofelesi gambiye m'madera ambiri a mu Africa, kusintha kwa kachidutswa kamodzi kokha ka puloteni ya khomo la sodiyamu kumachititsa kuti mankhwala asamate bwino. Mtundu wina, Anofelesi funesitasi, umene umafalitsa malungo kwambiri ku Malawi ndi ku Mozambique, umadalira makamaka kuphwanya mankhwalawo m'thupi asanafike ku mitsempha. Pa chifukwa chimenechi maneti atsopano ena amawonjezeramo mankhwala olepheretsa kuphwanyako, ndipo ena ali ndi mankhwala achiwiri amene sakhudza khomo la sodiyamu, koma amalepheretsa maselo a udzudzu kupanga mphamvu.